Galimoto inagulitsidwa kale, koma a thiraka akudulabe ndalama ku banki

Mlamu wanga anagulitsa Toyota Corolla yake kumapeto kwa Epulo 2025. Anali atatopa ndi ntchito yonyamula anthu usiku m'misewu ya Johannesburg, ndipo wogula anapezeka msanga, bambo wina wa ku Germiston amene analipira ndalama zonse pamodzi. Anasayinirana mapepala, makiyi anaperekedwa, mlamu n'kubwerera kunyumba pa takisi mtima uli m'malo. Patapita miyezi inayi anandiimbira foni madzulo mawu ali pamwamba.

"Alamu, anthu awa akundibera. Galimoto ndinagulitsa kalekale, koma mwezi uliwonse R220 ikuchoka mu akaunti. Ndawerenga pa sitetimenti, Meyi, Juni, Julayi, Ogasiti. R880 yapita!"

Ndinamufunsa ngati anawauza a kampani ya thiraka, kachipangizo kolondolera kumene galimoto ili, kuti galimotoyo wagulitsa. Anati inde, anaimba foni sabata yomweyo ndipo mayi amene anayankha anati zamveka. Ndinafunsanso ngati ali ndi kalata, imelo kapena nambala iliyonse imene anamupatsa. Foni inangoti zii.

Nkhani ngati imeneyi ndi yofala pakati pa Amalawi okhala ku Joni, makamaka oyendetsa galimoto zonyamula anthu ndi katundu, chifukwa ku South Africa thiraka si chinthu chongodzisangalatsa nacho. Kuba ndi kulanda galimoto n'kochuluka moti makampani a inshulansi nthawi zambiri savomera kuteteza galimoto zina pokhapokha zitaikidwa kachipangizo kolondolera kumene zili. Mayina ngati Tracker, Netstar, Cartrack ndi Matrix aliyense woyendetsa galimoto kumeneko amawadziwa. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kontilakiti ya thiraka imamangidwa pa dzina la munthu, osati pa galimoto. Kachipangizo kali m'galimoto, inde, koma amene analonjeza kulipira ndinu, ndi nambala yanu ya chitupa kapena ya pasipoti, ndi akaunti yanu. Galimoto ikasintha mwini, lonjezo lija limatsala ndi inu.

Ena amaganiza kuti akapereka fomu yachikasu ija ya NCO ku ofesi yolembetsa galimoto, zonse zatha. Fomuyo ndi yofunikadi, ndipo wogulitsa ayenera kuipereka pasanathe masiku 21, chifukwa ndi imene imadziwitsa boma kuti galimoto yachoka m'manja mwanu. Koma imathera ku boma komweko. Kampani ya thiraka siiona. Chimodzimodzinso ndi inshulansi: kuithetsa sikuthetsa thiraka, ngakhale kuti anali a inshulansi amene anakutumizani kukaiikitsa. Ndi mapangano awiri osiyana, ndi makampani awiri osiyana, ndipo lililonse limafuna kuthetsedwa palokha.

Kuti timvetse chifukwa chake kampani imaumirira ndalama, tiyenera kubwerera ku tsiku limene thiraka inaikidwa. Pali njira ziwiri zimene anthu amapatsidwa. Yoyamba ndi yogula kachipangizoko ndi ndalama zanu, kulipiranso oika, kenako n'kumangolipira za mwezi ndi mwezi. Yachiwiri ndi ija imakoma m'khutu: simulipira kalikonse tsiku loyamba, amaika "ulere", koma mumavomera kukhala nawo miyezi 36. Ambiri amasankha yachiwiriyi, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa munthu amene wangogula kumene galimoto m'thumba mumakhala mopanda kanthu. Koma ulerewo si ulere. Mtengo wa kachipangizo, wa mmisiri amene anakabisa mkati mwa galimoto, ndiponso wa amene anakubweretsani kwa iwo, zonsezo kampani imazibweza pang'onopang'ono m'miyezi 36 ija. Mukachoka pakati, imati sinamalize kubweza zake.

Mlamu wanga anali pa njira yachiwiriyi. Anayamba kulipira mu Malichi 2024, kutanthauza kuti kontilakiti ikanatha mu Febuluwale 2027. Pogulitsa galimoto anali atalipira miyezi 14, kutsala 22. Iye sankakumbukira n'komwe kuti anavomera miyezi 36, chifukwa zonse zinachitika pa foni ali pamalo ogulitsira galimoto, akungoyankha kuti inde, inde, maso ali pa galimoto yatsopano. Mapangano a pa foni oterowo amajambulidwa ndipo amagwira ntchito. Choncho chinthu choyamba chimene ndinamuuza chinali chakuti apemphe kope la kontilakiti yake, ndipo ngati palibe pepala losayinidwa, amutumizire mawu ojambulidwawo pamodzi ndi malamulo amene anavomera. Popanda kudziwa tsiku loyambira ndi kutalika kwa kontilakiti, mumakangana muli mumdima.

Tsono lamulo likuti chiyani? South Africa ili ndi lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act, nambala 68 ya 2008, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011. Gawo 14 la lamuloli ndi limene munthu wogulitsa galimoto ayenera kuligwira ndi manja awiri. Limanena kuti wogula akhoza kuthetsa kontilakiti ya nthawi yoikika pa nthawi ina iliyonse, bola apereke chidziwitso cha masiku 20 ogwira ntchito, cholembedwa kapena chosungidwa mwa njira ina yoti n'kuchionanso. Silikufunsani chifukwa. Kampani singanene kuti dikirani mpaka miyezi 36 ithe. Zimene ingachite ndi ziwiri: kukuitanitsani ndalama zonse zimene muli nazo ngongole kufikira tsiku lothetsa, ndi kukulipiritsani chindapusa choyenera chifukwa chochoka nthawi isanakwane.

Lamuloli silifunsa kuti ndinu nzika kapena mlendo. Koma pali msampha umodzi umene umagwira abale athu amene analembetsa timakampani tawo. Gawo 14 siligwira ntchito ngati pangano lili pakati pa kampani ndi kampani inzake, ngakhale yanuyo ikhale yaing'ono bwanji. Ngati thiraka munailembetsa m'dzina la kampani yanu yonyamula katundu wopita ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ufulu wa masiku 20 uja mulibe, ndipo zimene zinalembedwa mu kontilakiti ndi zimene zidzatsatidwe. Yang'anani dzina limene lili pa invoisi musanayambe kuopseza anthu ndi lamulo.

Mawu akuti "cholembedwa" ndi pamene mlamu anagwera. Foni yake ya mu Meyi mwina inajambulidwa, mwina ayi, koma iye analibe umboni uliwonse m'manja, ndipo atafunsa anauzidwa kuti pa akaunti yake panangolembedwa kuti kasitomala wafunsa za kuthetsa, osati wathetsa. Kusiyana kwa mawu awiriwo kunamudyera R880. Dziwaninso kuti mukaimba kuti muthetse, kawirikawiri amakulumikizani ndi anthu amene ntchito yawo ndi kukunyengererani kuti musachoke. Amakuuzani za kutsitsa mtengo, za kuimika kaye akaunti kufikira mutagula galimoto ina, za kuti wina akuimbiraninso mawa. Si anthu oipa, ndi ntchito yawo, koma mukadula foni musanamve nambala ya refelensi ndi tsiku limene kontilakiti ithe, ndiye kuti palibe chimene chachitika.

Tinakhala pansi Lolemba pa 1 Seputembala 2025 n'kulemba imelo yaifupi. Tinaikamo dzina lake lonse, nambala ya pasipoti, nambala ya akaunti ya thiraka, nambala ya galimoto ndi VIN, ija ya zilembo ndi manambala 17 yolembedwa pa laisensi ya pagalasi. Tinalemba tsiku limene galimoto inagulitsidwa, n'kumata chithunzi cha pepala la malonda ndi cha fomu ya NCO. Kenako chiganizo chimodzi chosazungulira: ndikuthetsa kontilakiti iyi motsatira gawo 14 la Consumer Protection Act, ndipo ichi ndi chidziwitso changa cha masiku 20 ogwira ntchito. Pomaliza tinapempha zinthu zitatu zolembedwa, tsiku lothera, tsiku la kudula komaliza ku banki, ndi kaphwanyidwe ka chindapusa chilichonse chimene angafune.

Kuwerenga masikuwo kuli ndi njira yake. Tsiku lotumiza siliwerengedwa, Loweruka ndi Lamlungu sawerengedwa, maholide a boma sawerengedwanso. Kuyambira Lachiwiri pa 2 Seputembala, ndi kulumpha Lachitatu pa 24 Seputembala limene ndi holide ya Heritage Day, tsiku la 20 linafika Lachiwiri pa 30 Seputembala. Ndalama ya Seputembala inali yoyenera kulipidwa, palibe kuzemba. Koma ya Okutobala ayi. Akanachedwa ndi masiku awiri okha, chidziwitsocho chikanalowa mu Okutobala, ndipo kudula kwa pa 1 Okutobala kukanamupeza. Makampani ena amakonda kuwerenga mwezi wathunthu wa pa kalendala chifukwa ndi mmene makompyuta awo amadulira ndalama, n'chifukwa chake ndi bwino kutchula tsiku lenilenilo mu imelo yanu, kuti akafuna kutsutsa atsutse polemba.

Yankho linabwera patatha sabata: chindapusa R3,740. Sizinatenge nthawi kuona kumene nambalayo yachokera. Pambuyo pa Seputembala panatsala miyezi 17, ndipo 17 kuchulukitsa ndi R220 ndi R3,740 ndendende. Ankafuna alipire miyezi yonse yotsala ngati kuti sanathetse konse.

Apa ndi pamene nkhani imavuta, chifukwa lamulo silinaike nambala kapena peresenti. Limangoti chindapusa chikhale choyenera, ndipo malamulo othandizira ake amatchula zinthu zoyenera kuyang'ana: mtengo wa katundu amene atsale m'manja mwa wogula, mtengo wa katundu amene abwezedwe, kutalika kwa kontilakiti, kutalika kwa chidziwitso chimene mwapereka, ndi mmene ena ochita malonda omwewo amachitira. Koma amanenanso chinthu chimodzi momveka bwino: chindapusa chisakhale chachikulu moti n'kufafaniza ufulu wanu wothetsa. Ine ndimaona kuti kulipiritsa miyezi yonse yotsala ndi kufafaniza kumeneko. Ngati kuchoka ndi kukhala mtengo wake ndi umodzi, ufulu wochokawo uli pati? Komanso m'miyezi 17 imeneyo kampani sidzakhala ikuyang'anira galimoto ya mlamu, sidzatumiza anthu ake kukaifunafuna ikabedwa, ndiye singafune malipiro a ntchito imene siidzagwira.

Kumbali inayo, kunena kuti sindilipira ngakhale tambala n'kudzinamiza. Kachipangizo kanaikidwa, mmisiri analipidwa, ndipo kameneko kapita ndi galimoto ku Germiston. Gawo la mtengo umenewo limene linali lisanabwezedwe ndi limene kampani ili ndi chifukwa chomveka chofunira. Choncho funso loyenera kuwafunsa si lakuti mungandichotsereko zingati, ngati kuti mukupempha chifundo pamsika. Funso ndi lakuti kachipangizo ndi kuika zinali ndalama zingati, mwabwezapo kale zingati m'miyezi imene ndalipira, ndipo zotsalazo mwaziwerengera bwanji. Palinso mfundo ina yothandiza pa kukambirana: malamulo omwewo amati kontilakiti yotere isapitirire miyezi 24, pokhapokha wogula atavomera momveka ndipo kampani ingathe kuonetsa phindu la ndalama limene wogulayo akupeza pa kutalikako. Makampani amaloza ku kuika kwa ulere kuja ngati phindulo. Chabwino, koma ndiye kuti avomereza okha kuti nkhani yonse yagona pa mtengo wa kachipangizo.

Munthu akakwiya amathamangira ku banki. Mlamu ankafuna kutero tsiku lomwelo, kukauza banki kuti imubwezere ndalama za miyezi inayi ija ndi kutseka njira yodulira. Ndinamuletsa. Kuimitsa debiti oda, chilolezo choti kampani izidula ndalama mu akaunti yanu, kumatseka mpopi, koma ngongole imapitiriza kukula kuseri. Kampani imaona ngati mwasiya kulipira, imapereka dzina lanu kwa otolera ngongole, ndipo pamapeto pake likhoza kukalembedwa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole monga TransUnion ndi Experian. Mlendo amene dzina lake ladetsedwa kumeneko amavutika kupeza nyumba ya lendi kapena galimoto ina ya pangongole, chifukwa cha ndalama yosakwana mtengo wa matayala awiri. Ngatinso munavomereza kudulako kudzera mu DebiCheck, pamene banki inakutumizirani uthenga inu n'kuvomera, kubweza ndalama zimene zadulidwa pa tsiku ndi pa mlingo umene munavomera n'kovuta kwambiri. Nthawi yoyenera kupita ku banki ndi pamene muli ndi kalata yotsimikiza kuti kontilakiti inatha, ndiye iwo n'kudulabe pambuyo pake.

Ndikudziwa ena amene anagulitsa galimoto chifukwa akubwerera kumudzi, n'kungotapa ndalama zonse mu akaunti, kukwera basi ku Park Station, basi. Ngati simudzabwereranso mwina simudzamva kanthu. Koma ambiri amabwerera, ndipo amapeza akaunti itadzaza ndi zindapusa za banki za kudula kolephereka mwezi ndi mwezi, ngongole ya thiraka ili pambali ikuwadikira.

Kuthetsa si njira yokhayo, ndipo kwa ena si yotsika mtengo. Ngati mukugula galimoto ina, funsani za kusamutsa kontilakiti. Makampani ena amachotsa kachipangizo n'kukaika m'galimoto yatsopano, ena amaika katsopano, ndipo pamakhala ndalama ya mmisiri. Samalani apa: funsani molemba ngati miyezi yotsala ikupitirira pomwe inali kapena ngati mukuyambanso miyezi 36 yatsopano, chifukwa ambiri amadzidzimuka patapita zaka. Njira ina ndi yakuti wogula galimoto atenge kontilakitiyo, ndipo nthawi zambiri amafuna, poti naye a inshulansi amufunsa thiraka. Koma zimenezi zimachitika pokhapokha wogulayo atalankhula ndi kampani, kupereka zitupa ndi akaunti yake, kampani n'kumuvomera. Mawu akuti "musadandaule achimwene, ndizikutumizirani ndalamayo mwezi uliwonse" si kusamutsa. Akasiya kutumiza, wangongole ndinu.

Pali mbali ina imene si ya ndalama, ndipo ine imandidetsa nkhawa kuposa chindapusa. Nthawi yonse imene kontilakiti ili m'dzina lanu, ofesi yoyang'anira ma alamu imadziwa inu ngati mwini galimoto. Mlamu anaimbiridwa usiku wina mu Juni kuti batire la galimoto yake lachotsedwa, kodi zonse zili bwino? Iye ali m'tulo anangoti galimotoyo si yanga, n'kudula. Mwina anali makaniko akukonza. Koma akanakhala akuba, mwini weniweni sakanadziwitsidwa, ndipo akanaimba yekha kukapempha thandizo akanafunsidwa mafunso achinsinsi amene mayankho ake ali ndi mlamu. Tangoganizaninso mlamu akanayankha kuti sakudziwa kumene galimoto ili, anthu olondola galimoto zobedwa, amene nthawi zambiri amayenda ndi mfuti, n'kukaimitsa bambo wosalakwa pamsewu. Komanso pa foni ya mlamu pulogalamu ya thiraka inkaonetsabe kadontho kakuyenda m'misewu ya Germiston, kumene bamboyo amagona, kumene amasiya ana kusukulu. Bamboyo sanavomere kuti munthu wachilendo azimuona choncho. Wogulitsa aliyense ayenera kumuuza wogula kuti m'galimoto muli thiraka ya kampani yakuti, tsiku lomwe akupatsana makiyi.

Nthawi yabwino yoyambira zonsezi ndi pamene mwangoganiza zogulitsa, galimoto ikadali pakhomo. Pemphani kontilakiti ndi mtengo wothetsera, kuti muuwerengere pa mtengo wogulitsira. Mwina mupeza kuti miyezi 36 inatha kale ndipo mukungolipira mwezi ndi mwezi, poti kontilakiti ikafika kumapeto siifa yokha, imapitirira choncho kufikira mutanena. Pamenepo palibe nthawi yoikika yotsala, ndiye chindapusa cha kuchoka msanga chilibe poimira. Koma musathamangire kuzimitsa thiraka galimoto isanachoke. Ngati inshulansi yanu imafuna thiraka yogwira ntchito, galimoto n'kubedwa sabata imene mukudikira wogula, akhoza kukana kukulipirani. Konzani kuti tsiku lothera likhale pambuyo pa tsiku lopereka makiyi, osati patsogolo pake.

Mlamu anayankha imelo ija ndi mafunso atatu a mtengo wa kachipangizo, n'kuwonjezera kuti akapanda kugwirizana atengera nkhaniyi kwa Consumer Goods and Services Ombud, ofesi imene imamva madandaulo a ogula popanda kulipiritsa, bola mutayamba mwadandaula ku kampaniyo. Pamwamba pake palinso National Consumer Commission. Sizinafike kumeneko. Patapita masiku 10 anamutumizira nambala yatsopano, R1,500, ndi kalata yakuti akaunti itsekedwa pa 30 Seputembala. Za R880 ija anakana kubweza, ponena kuti ntchito inali ikugwiridwa ndipo panalibe chidziwitso cholembedwa, ndipo mlamu analibe choti awaonetse. Analipira R1,500, anasunga kalatayo pa foni ndi pa pepala, ndipo pa 1 Okutobala m'mawa ananditumizira chithunzi cha sitetimenti yake. Panalibe mzere wa R220. Madzulo ake anaimbira bambo wa ku Germiston uja kumuuza kuti thiraka ya m'galimoto mwake yazimitsidwa, ngati akuifuna alankhule ndi kampani ailembetse m'dzina lake.